Quality Score yanga ndi 8, koma uthenga wanga suonekera kawirikawiri: kodi ndikweze mtengo?

*Funso: Ndimakhala ku Rosettenville ndipo ndimanyamula katundu wa anthu kuchoka ku Johannesburg kupita ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Ndimatsatsa pa Google Ads ndi bajeti ya R150 patsiku. Mawu anga a "send parcel to malawi" ali ndi Quality Score ya 8, koma Search impr. share ya kampeni yonse ndi 31 peresenti yokha. Mnzanga akuti ndikweze mtengo wa kudina kuti Ad Rank ikwere. Ndatumiza zithunzi za akaunti za masiku 30. Kodi nditero?*

Bambo, musakweze kaye mtengowo, chifukwa malinga ndi zithunzi zimene mwatumiza, kukweza kudzakuchepetserani makasitomala pa ndalama zomwezo. Chimene chakusokonezani n'chakuti mwaika manambala awiri pambali pamodzi ngati kuti akunena za chinthu chimodzi, pamene 8 uja ndi giredi imene Google wapereka pa ubwino wa uthenga wanu pa kiwedi imodzi yokha, ndiye kuti mawu amene munasankha kuti uthengawo uzionekera munthu akawafufuza, ndipo 31 peresenti ikunena za kufufuza konse kumene kampeni yanu inali yoyenera kuonekerako, kuphatikizapo kufufuza kwa anthu amene alibe cholinga chotumiza kanthu ku Malawi.

Tiyambe ndi 31 peresenti ija. Impression share ndi kagawo chabe: nthawi zimene uthenga wanu unaonekera, kugawa ndi nthawi zimene Google akuyerekeza kuti ukanatha kuonekera potengera makiwedi anu, dera limene munasankha, chiyankhulo, nthawi, ndiponso ngati uthengawo ndi wovomerezedwa. Chithunzi chanu choyamba chikuonetsa kuti munaonekera ka 6,200, choncho tingathe kubwerera m'mbuyo n'kupeza kukula kwa msika wonse:

```
6,200 / 0.31 = 20,000
```

Ndiye kuti pa masiku 30 panali mipata pafupifupi 20,000, ndipo munaphonya 13,800. Funso lofunika ndi lakuti inatayika bwanji, ndipo Google amayankha funsoli m'mizati iwiri imene mwajambula koma simunaitchule m'kalata yanu. Mzati wa Search lost IS (budget), wa mipata yotayika chifukwa cha bajeti, ukusonyeza 45 peresenti, imene ndi mipata 9,000, ndipo wa Search lost IS (rank), wa mipata yotayika chifukwa choluza mpikisano ndi otsatsa ena, ukusonyeza 24 peresenti, imene ndi mipata 4,800. Mukaphatikiza 31, 45 ndi 24 mupeza 100, ndipo umu ndi mmene manambala atatuwa amayenera kukhalira pa kampeni. Malangizo a mnzanuwo akulimbana ndi 24 peresenti, pamene dzenje lalikulu lili pa 45.

Kutaya mipata chifukwa cha bajeti kumachitika mwakachetechete, ndipo n'chifukwa chake ambiri sakuzindikira. Google sangotulutsa uthenga wanu mosalekeza kuyambira m'mawa mpaka ndalama zitatha masana. Akaona kuti R150 siingakwanire kufufuza konse kwa tsikulo, amayamba kukudumphitsani: munthu wina akafufuza mumalowa m'mpikisano, wotsatira akafufuza simulowa n'komwe, ndipo zimatero tsiku lonse. Mpata umene mwadumphitsidwa simunautaye chifukwa uthenga wanu ndi wofooka kapena mtengo wanu ndi wotsika, koma chifukwa simunapezeke pamsika. Kumbukiraninso kuti bajeti ya tsiku ndi avereji: tsiku lina Google angagwiritse ntchito mpaka kuwirikiza kawiri, koma pamwezi sakulipiritsani kuposa bajeti ya tsiku kuchulukitsa ndi 30.4, zimene kwa inu ndi R4,560. Inu munawononga R4,500 pa masiku 30, kusonyeza kuti kampeni ikudya zonse zimene mukuipatsa.

Tsopano taonani zimene zingachitike mukatsatira mnzanuyo. Pa R4,500 munapeza anthu 375 odina uthenga wanu, ndiye kudina kumodzi kunakudyerani R12 pa avereji. Mukakweza mtengo mpaka avereji ifike R16, thumba likadali lomwelo, ndipo R4,500 kugawa ndi 16 ndi anthu 281. Mudzaonekera pamwamba kwambiri pa nthawi zimene mwaonekera, Search lost IS (rank) idzatsika ndipo mudzasangalala nayo, koma Search lost IS (budget) idzakwera, chifukwa ndalama zikutha msanga, ndipo anthu pafupifupi 94 amene akanafika patsamba lanu sadzafikanso. Kumbali inayo, avereji itatsika kufika pa R9, ndalama zomwezo zingagule anthu 500. Sindikunena kuti nthawi zonse kutsitsa n'kwabwino, poti mukatsitsa kwambiri mumatsikira pansi pa tsamba kumene anthu sadina kawirikawiri, kapena simuonekeranso. Koma pamene bajeti ndiyo ikukutsekerezani, ndipo chithunzi chanu chikusonyeza kuti Impr. (Top) % ili pa 80 peresenti, kutanthauza kuti pa maulendo khumi alionse amene mwaonekera asanu ndi atatu muli kale pakati pa mauthenga apamwamba, malo si amene akukusowani.

Njira yachiwiri imene anthu amathamangira ndi kuwonjezera bajeti, ndipo tingawerengere mtengo wake. Mwa anthu 100 alionse amene aona uthenga wanu, 6 amadina. Mipata 9,000 ija ingabweretse anthu ena pafupifupi 540, amene pa R12 ndi R6,480 yoonjezera, ndiye bajeti yanu ifike pafupifupi R366 patsiku. Uku n'kuyerekeza chabe, chifukwa mipata yotsala siikhala yofanana ndendende ndi imene mwagula kale. Koma musanatulutse ndalama zimenezo, funsani kuti mipata 20,000 ija ndi ya ndani, ndipo apa ndi pamene chithunzi chanu chachiwiri, cha tsamba la Keywords, chikuulula nkhani yonse.

Kiwedi ya "send parcel to malawi" inaonekera ka 1,400 ndipo impression share yake ndi 70 peresenti, choncho msika wake wonse ndi mipata 2,000 pamwezi. Anthu 140 anadina, pa R8 aliyense, zonse pamodzi R1,120, ndipo 21 mwa iwo anakuimbirani kapena kudina batani la WhatsApp. Kasitomala mmodzi wofunsa anakudyerani pafupifupi R53. Kiwedi ya courier johannesburg, imene munaisiya pa Broad match, inaonekera ka 3,900 ndi impression share ya 26 peresenti, kusonyeza msika wa mipata 15,000. Anthu 175 anadina pa R16, zonse R2,800, ndipo amene anafunsa ndi 5 okha, ndiye aliyense anakudyerani R560. Makiwedi ena onse otsala, monga aja a mabasi ndi a katundu wa ku Blantyre, anaonekera ka 900 pa mipata pafupifupi 3,000, anadya R580 ndi kubweretsa anthu 4.

Mukuona kuti magawo atatu mwa anayi a msika umene Google akukuyezerani ndi a kiwedi imodzi ija ya courier johannesburg, ndipo ikudya ndalama zoposa theka. Amene amalemba mawu amenewa nthawi zambiri ndi munthu wa ku ofesi ku Sandton amene akufuna kutumiza envulopu ku Midrand tsiku lomwelo, kapena wogulitsa zinthu pa intaneti amene akufuna kampani yofikitsa katundu ku Durban. Sakufuna thiraki yodutsa pa Beitbridge, Zimbabwe ndi Tete kuti ikatsitse firiji ku Lilongwe. Tsegulani lipoti la Search terms, limene limaonetsa mawu enieni amene anthu analemba asanaone uthenga wanu, ndipo muwerenge mzere ndi mzere. M'makampeni otere mumapezekanso anthu ofuna ntchito ya udalaivala, ofuna kulondola phukusi lawo, ndi ofufuza mayina a makampani akuluakulu onyamula katundu. Broad match imalola Google kukuonetsani pa kufufuza kulikonse kumene akuona kuti kukugwirizana ndi mawu anu, ndipo kufufuza kulikonse kotere kumalowa m'nambala yapansi ya kagawo kaja. Impression share yotsika nthawi zina imangotanthauza kuti mwatchera ukonde waukulu kuposa nsomba zimene mukufuna.

Taonani chodabwitsa chake. Mutaimitsa kiwedi imeneyo lero, popanda kusintha china chilichonse, mipata yotsala ndi 5,000 ndipo kuonekera kwanu ndi 2,300, zimene ndi 46 peresenti. Nambala yakwera kuchoka pa 31 kufika pa 46 ngakhale kuti palibe munthu mmodzi woonjezera amene waona uthenga wanu. N'chifukwa chake ine sindikhulupirira lipoti la wothandiza kutsatsa amene amangonena kuti impression share yakwera, osanena kuti nambala yapansi yasintha bwanji. Phindu lenileni kwa inu ndi R2,800 imene yamasuka. Kugula mipata 600 yotsala ya "send parcel to malawi" kungafune pafupifupi R480, ndipo mipata 2,100 ya makiwedi ena aja ingafune pafupifupi R1,400. Zonsezi zikukwanira m'ndalama zomwe muli nazo kale, ndipo padzatsala zina.

Tsopano tibwere ku Quality Score, imene mwaikhulupirira kuposa mmene iyenera. Nambalayi imachoka pa 1 kufika pa 10, imaperekedwa pa kiwedi iliyonse payokha, ndipo palibe Quality Score ya kampeni kapena ya akaunti yonse imene Google amaonetsa. Imachokera ku zinthu zitatu, zimene mungazione mukaonjezera mizati ya Exp. CTR, Ad relevance ndi Landing page exp. Woyamba ukuyerekeza mwayi woti munthu adine uthenga wanu ukaonekera, wachiwiri ukuona ngati uthengawo ukugwirizana ndi cholinga cha wofufuza, wachitatu ukuona ngati tsamba limene munthu amafikira akadina ndi lothandiza pa zimene amafuna. Uliwonse umalembedwa Above average, Average kapena Below average, ndipo avereji yakeyo ndi ya otsatsa ena amene mauthenga awo anaonekera pa mawu omwewo m'masiku 90 apitawa. Ndiye ndi mlingo wokuyerekezani ndi anzanu, wa zinthu zimene zinadutsa kale.

Pali malire awiri amene muyenera kuwadziwa. Loyamba, Quality Score imawerengedwa kuchokera pa kufufuza kumene munthu analemba mawu ofanana ndi kiwedi yanu. Ngati wina walemba mawu ena amene kiwedi yanu yawakoka kudzera mu Phrase match kapena Broad match, 8 wanu uja sakukuuzani kanthu za mmene munachitira pa kufufuza kumeneko, ndipo kusintha mtundu wa kiwedi sikusintha nambalayo. Ngati kufufuza kofanana kuli kochepa kwambiri, Google amangoika kamzere m'malo mwa nambala, ndipo kamzereko si chilango. Lachiwiri, ndipo ili ndi limene ambiri amalakwitsa, Google amanena yekha kuti nambala imene mukuiona pa mzatiyo siilowa m'mpikisano. Ndi chida choyezera, ngati thermometa ya ku chipatala imene imasonyeza kutentha kwa thupi koma siichiza malungo. Pa kufufuza kulikonse Google amayezanso ubwino wa uthenga wanu pa nthawi yomweyo, potengera zinthu zitatu zomwezija koma molingana ndi munthu amene akufufuzayo, ndipo muyezo umenewo simuuona.

Mukaiwerenga motero, Quality Score ndi yothandiza ndithu. Pa "send parcel to malawi" muli Above average pa Exp. CTR ndi pa Ad relevance, ndipo muli Average pa Landing page exp. Pa courier johannesburg muli ndi 3, ndipo mizati iwiri yoyamba ili Below average. Munthu wongoyamba akaona 3 amafuna kumukonza, amalembanso uthenga kuti mawu a courier johannesburg alowe m'mutu, ndipo mwina Ad relevance imakweradi. Koma 3 ameneyu akunena zoona: anthu ofufuza mawuwa akaona uthenga wonena za Malawi amaudutsa, chifukwa si zimene akufuna. Mukabisa Malawi kuti ambiri adine, mudzakweza nambala ndi kulipira anthu ambiri osafunika. Ine ndinachitapo cholakwa chomwechi zaka zingapo zapitazo pa akaunti ya bambo wina wokonza magiza m'dera la Randburg. Ndinatha milungu itatu ndikukweza kiwedi ina kuchoka pa 4 kufika pa 7, ndinanyadira polemba lipoti, koma mwini wake atandionetsa foni yake ndinapeza kuti oimba ambiri atsopano ankafunsa mtengo wa giza yatsopano m'sitolo, pamene iye amangokonza zowonongeka. Kuyambira pamenepo ndikaona nambala yotsika ndimayamba ndafunsa ngati kiwediyo ikuyenera kukhalapo n'komwe.

Nanga Ad Rank imene mnzanu akunena? Iyi simudzaipeza pa mzati uliwonse m'akaunti, chifukwa si nambala imodzi imene muli nayo. Imawerengedwa mwatsopano nthawi iliyonse munthu akafufuza, ndipo imasankha ngati uthenga wanu uonekere ndiponso pa malo ati. Zimene zimalowamo ndi mtengo umene mwaika, ubwino wa uthenga ndi wa tsamba pa nthawi imeneyo, malire a Ad Rank amene muyenera kuwadutsa, kukula kwa mpikisano, mmene kufufuzako kulili (komwe munthu ali, chipangizo chimene akugwiritsa ntchito, nthawi, ndi mawu enieni amene walemba), komanso mphamvu imene Google akuyembekezera kuchokera ku zoonjezera monga nambala ya foni ndi maulalo a masamba ena, zimene pa sikirini zimatchedwa Assets. Mayi wofufuza pa foni ali ku Turffontein Lamlungu madzulo ndi bambo wofufuza pa kompyuta ali ku Kempton Park Lolemba m'mawa angalembe mawu omwewo, koma Ad Rank yanu n'kukhala yosiyana.

Amene anafikapo ku okushoni ya fodya ku Kanengo kapena ku Limbe amadziwa kuti belo limagulidwa ndi amene wapereka mtengo wokwera. Okushoni ya Google imasiyana pa mfundo imodzi, yakuti wopereka mtengo nayenso amayezedwa giredi. Nachi chitsanzo chopepuka, ndipo manambala a ubwino ndangowapeka kuti nkhani imveke, si a pa mzati wa Quality Score, komanso kuwerengera kwenikweni kwa Google kuli ndi zambiri kuposa kuchulukitsa kumeneku:

```
Inu:       R12 x 8 = 96
Kampani A: R20 x 4 = 80
Kampani B: R9  x 6 = 54
Malire:    60
```

Inu mwakhala pamwamba ngakhale kuti Kampani A inaika mtengo wokwera, ndipo simulipira R12 yonse, koma ndalama zokwanira kuposa amene ali pansi panu, zimene ndi 80 kugawa ndi 8, pafupifupi R10. Kampani B siionekera n'komwe ngakhale malo alipo, chifukwa siinafike pa malire a 60, ndipo m'akaunti yake mpata umenewu udzalembedwa pa Search lost IS (rank). Kampani A ilibe wina pansi pake, koma siipeza malo aulere: iyenera kulipira zokwanira kudutsa malire, zimene ndi 60 kugawa ndi 4, ndiye R15. Wachiwiri akulipira zambiri kuposa woyamba. Izi ndi zimene zikuchitika pakati pa makiwedi anu awiri: pa "send parcel to malawi" inu ndinu wa giredi yabwino ndipo mukulipira R8, pamene pa courier johannesburg ndinu Kampani A, mukulipira R16 kuti mudutse malire pa msika umene makampani akuluakulu ali ndi uthenga wogwirizana kuposa wanu. Dziwaninso kuti malire a malo apamwamba ndi okwera kuposa a pansi pa tsamba, n'chifukwa chake nthawi zina mumaona tsamba lopanda uthenga uliwonse pamwamba ngakhale otsatsa alipo.

Popeza Ad Rank siioneka, mumaizindikira ndi mapazi ake. Kale kunali mzati wa Average position, koma Google anauchotsa mu 2019, ndipo m'malo mwake muli mizati iwiriiwiri yofanana mayina imene imasokoneza anthu. Impr. (Top) % ndi Impr. (Abs. Top) % zimayankha funso lakuti, pa nthawi zimene ndinaonekera, ndi kangati ndinali pamwamba kapena pa malo oyamba enieni. Search top IS ndi Search abs. top IS zimayankha lina: pa mipata yonse ya pamwamba imene ndinali woyenera, ndinatenga ingati. Munthu angakhale ndi Impr. (Top) % ya 80 koma Search top IS yotsika kwambiri, ndipo palibe kutsutsana, zikungotanthauza kuti akaonekera amakhala pabwino koma saonekera kawirikawiri. Ndi mmene inu mulili. Lipoti la Auction insights lidzakuonetsani amene mukupikisana nawo, ndipo muone makamaka Overlap rate, imene ikunena kuti ndi kangati wina anaonekera pamodzi nanu, ndi Position above rate, imene ikunena kuti pa nthawi zimenezo ndi kangati anali pamwamba panu. Mukasankha kiwedi imodzi n'kutsegula lipotili, mudzaona kuti opikisana nanu pa makiwedi awiri aja ndi anthu osiyana kotheratu.

Zoti muchite sabata ino si zambiri. Imitsani courier johannesburg, kapena ngati mtima sukulola chifukwa cha anthu 5 aja, yang'anani mu Search terms mawu enieni amene anabweretsa anthuwo, ndipo ndikuganiza kuti mudzapezamo dzina la Malawi kapena la mzinda wa kumudzi. Mawu amenewo muwaike ngati makiwedi paokha pa Phrase match kapena Exact match, mitundu imene siitakata ngati Broad match, monga "courier to malawi". Mawu monga jobs, tracking ndi same day muwaike pa Negative keywords, kuti uthenga wanu usaonekere munthu akawalemba. Ngati mukufunabe kuyesa makiwedi otakata, apatseni kampeni yawoyawo ndi bajeti yaing'ono. Pali chifukwa china chochitira zimenezi: Search lost IS (budget) imapezeka pa kampeni pokha, osati pa kiwedi, choncho pamene makiwedi onse ali m'kampeni imodzi simungadziwe bwinobwino kuti 30 peresenti imene "send parcel to malawi" ikutaya ikupita ku bajeti kapena ku mpikisano. Mukawasiyanitsa, mzatiwo udzayamba kunena za makiwedi amene amakupatsani ndalama.

Onaninso Location options pa makonzedwe a kampeni. Ikakhala pa Presence or interest, uthenga ungaonekere kwa anthu amene sali ku Gauteng koma asonyeza chidwi ndi dera lanu, ndipo ikakhala pa Presence umaonekera kwa amene alimo kapena amapezekamo kawirikawiri. Kwa wokonza mapaipi ndikanati sankhani Presence mosakayika. Kwa inu ndi nkhani yoganizira, chifukwa wabizinesi wa ku Limbe amene wagula katundu kuno ndipo akufuna womunyamulira ndi kasitomala weniweni. Ingodziwani kuti chisankho chimenechi chimakulitsa kapena kuchepetsa nambala yapansi ija.

Ntchito ya ubwino imene ikuyenera nthawi yanu ndi Average uja wa Landing page exp. pa kiwedi yanu yabwino. Ndatsegula tsamba lanu pa foni, ndipo chimene chimayamba kuoneka ndi chithunzi chachikulu cha thiraki chimene chimachedwa kutuluka, kenaka mbiri ya kampani. Munthu amene wangoweruka kuntchito, ali mu takisi ndipo deta yake ndi yowerengeka, akufuna kudziwa masiku amene thiraki imanyamuka, kumene angasiye katundu kapena ngati mumatenga pakhomo, mtengo wa chikwama kapena wa kilogalamu, masiku a ulendo, kumene abale akatengere ku Lilongwe, ndi amene amalipira msonkho pachipata. Zimenezi zikhale pamwamba pa tsamba limodzi la Malawi, batani la WhatsApp lili poonekera, ndipo uthenga uzifikitsa munthu pa tsamba limenelo. Musayembekezere kuti mzatiwo usinthe mawa lake, poti umayang'ana m'mbuyo, onjezerani mizati ya Quality Score (hist.) ndi Landing page exp. (hist.) kuti muone kusintha kwake pa masabata. Ndipo siyani kufufuza dzina lanu pa Google kuti muone ngati uthenga ulipo, chifukwa mumaonjezera kuonekera kopanda kudina, ndipo zimene mukuona inu si zimene akuona ena. Gwiritsani ntchito Ad preview and diagnosis, imene imakuonetsani popanda kuwerengera.

Mukasintha, dikirani masabata awiri musanaweruze, ndipo posankha masiku musaphatikize lero ndi dzulo, chifukwa manambala a impression share amachedwa tsiku limodzi kapena awiri kuti akhazikike. Ngati Search lost IS (budget) yatsika kufika pafupi ndi ziro ndipo Search lost IS (rank) ndiyo yatsala, pamenepo malangizo a mnzanu afika nthawi yake. Kwezani pang'ono, mwina R1 kapena R2 pa kiwedi imene imabweretsa anthu ofunsa, ndipo mlingo wanu ukhale mtengo wa kasitomala. Ngati mwa anthu atatu ofunsa mmodzi amatumizadi katundu, ndiye pa R53 kasitomala weniweni amakudyerani pafupifupi R160, ndipo inu nokha ndi amene mukudziwa phindu la chikwama chimodzi kuti muone pamene kukwezako kwasiya kupindulitsa. Mipata yomaliza kufika pa 100 peresenti ndiyo yodula kwambiri, chifukwa ndi imene opikisana nanu ali amphamvu, ndipo ine sindiithamangira pokhapokha pa dzina la kampani yanu yeniyeni.

Mwina mudzapezanso kuti kampeni siikumaliza R150 patsiku. Musadandaule n'kubwezeretsa kiwedi yotakata ija kuti ndalama zithe, chifukwa zikungosonyeza kuti anthu ofufuza mawu anu mwezi uno ndi okhawo, pafupifupi 5,000. Msika umenewu sukhala chimodzimodzi chaka chonse. Kumapeto kwa Novembala ndi mu Disembala, pamene anthu akutumiza malata, njinga, zovala za ana ndi zakudya za Khirisimasi kumudzi, nambala yapansi imakula ndipo onyamula katundu ena amayatsa makampeni awo, choncho impression share yanu ingatsike popanda inu kulakwitsa kanthu. Ndalama zimene zatsala m'miyezi yabata muzisunge, ndipo ikafika nyengo imeneyo muziyang'ana Search lost IS (budget) sabata iliyonse, n'kukweza bajeti mukangoona kuti yayambanso kukwera pa kampeni ya Malawi.